Kasitomala wakutumizirani chithunzi, koma musanachiponye pa sitetasi tamvani kaye

Anthu ogula zovala pa foni adapsa kale ndi matelala oponya zithunzi zotola pa intaneti, dizayini ya ku Nigeria yooneka bwino zedi, iwe nkulipira theka, tsiku lokatenga nkupeza chinthu choti sungapite nacho ngakhale kuchigayo. Nchifukwa chake masiku ano munthu akamadutsa pa peji ya telala sayang'ana kwambiri madiresi ali pa chidole, amafuna aone diresi lili m'thupi mwa munthu weniweni, wamimba yake, wamsinkhu wake, atayima pa chinkhoswe ku Chilomoni kapena ku Kawale, ndipo pansi pake pali mawu a mwiniwakeyo akuti linandikwana bwinobwino. Chithunzi chimodzi chotere chimagulitsa kuposa zanu khumi, ndiye aliyense amachifuna. Vuto lili poti ambiri amaganiza kuti "wanditumizira" ndi "wandilola" ndi chinthu chimodzi, pomwe ayi ndithu, ndipo mikangano yambiri ya pa WhatsApp pakati pa ogulitsa ndi makasitomala awo imayambira pomwepa.

Tiyambe ndi kupezako zithunzizo, poti popanda izo palibe nkhani. Anthu satumiza okha, owerengeka okha ndi amene amakumbukira, enawo akavala avala basi. Mumayenera kupempha, ndipo nthawi yopemphera ndi imene imapangitsa kuti muyankhidwe kapena ayi. Mukapempha tsiku lomwe munthu watenga diresi alibe chokutumizirani, sanalivale. Mukadikira masabata atatu chimwemwe chija chatha, zithunzi zakwiririka pansi pa mavidiyo a m'magulu. Kwa telala nthawi yabwino ndi tsiku lotsatira mwambo uja, chinkhoswe chinali Loweruka inu lembani Lamulungu masana kapena Lolemba m'mawa, apo munthu akadali kusankha zithunzi zoika pa sitetasi yake ndipo akuyamikiridwa ndi anzake. Ndiye polemba oda lembaninso tsiku la mwambo, osati tsiku lotenga lokha. Wophika makeke ndi chimodzimodzi, madzulo a phwando kapena mawa lake. Wogulitsa mafuta odzola kapena nsapato adikire kaye munthu agwiritse ntchito, ndemanga ya munthu amene sanatsegule nkomwe botolo ndi yopanda kanthu.

Funso lake lisakhale lija loti "mwaziona bwanji?" chifukwa yankho lake ndi "zili bho" ndipo palibe chomwe mungachite nalo. Funsani chinthu chimodzi chogwirika, m'chiuno munakwana bwino? zipi sinavute? mkono uja tinaufupikitsa unakhala momwe mumafunira? Munthu akayankha funso lotere amalemba ziganizo ziwiri zitatu zenizeni, ndipo zimenezo ndi zomwe wogula wina amakhulupirira, poti zimamveka kuti walemba ndi munthu amene anavaladi. Komanso ngati pali chomwe chinalakwika mumachimva inu koyamba, asanakachinene pagulu.

Tsopano tiyerekeze kuti zayenda. Mayi wina amene munamusokera diresi la chinkhoswe, nsalu ya chitenje yosakaniza ndi lesi, watumiza zithunzi zinayi ndi kameseji koti "Amama mwandipha, aliyense amafunsa kuti wasoka ndani". Chala chikuyabwa kale kuti muponye. Tazitsegulani kaye chimodzichimodzi.

Choyamba ndi chokongola kuposa zonse, chowala bwino, kumbuyo kosaoneka bwino dala, ndipo pakona pali kachidindo ka dzina la kameramani amene anamulemba ganyu pa mwambowo. Apa pali anthu awiri oti alole, osati mmodzi. Nkhope ndi ya mayiyo, koma chithunzi ngati ntchito ya manja chili ndi mwini wake, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi monga momwe limatetezera nyimbo, anthu timangomva za COSOMA pa nkhani za oyimba nkumaganiza kuti ojambula sawerengeredwa. Kaya umwini unatsala kwa kameramani kapena unapita kwa mayiyo malinga ndi zomwe anagwirizana awiriwo, chodziwika nchakuti sunabwere kwa inu. Ojambula ambiri sakana, kwa iwonso ndi malonda, amangofuna dzina lawo lioneke ndi kuwataga. Chimene chimawakwiyitsa ndi kudula kachidindo kaja nkuikapo logo ya shopu yanu, ndipo wojambula akakadandaula kwa Facebook kuti mwatenga ntchito yake positi imachotsedwa, zikachitika mobwerezabwereza peji imatha kutsekedwa ndithu, pamodzi ndi anthu onse amene munawasonkhanitsa zaka zonsezi.

Kuti muone kuti zilolezo ziwirizi nzosiyanadi, pali nkhani ya mu 2007 ya kampani ya mafoni ya Virgin Mobile ku Australia. Iwo anatenga pa webusayiti ya zithunzi ya Flickr chithunzi cha mtsikana wina wa ku Texas nkuchiika pa zikwangwani zawo zotsatsa malonda m'malo okwerera basi. Wojambulayo anali ataika chithunzicho pansi pa chilolezo cha Creative Commons chololeza ngakhale amalonda, ndiye mbali ya wojambula inali bwino. Koma mtsikanayo ndi makolo ake panalibe amene anawafunsa, anangozimva kuti nkhope yake ili pa zikwangwani kutsidya la nyanja ndi mawu omuseka, banja linakasuma. Mlanduwo unathera poti khoti la ku Texas linati lilibe mphamvu pa kampani ya ku Australia, koma mbiri yoipa inali itafala kale. Kwa ife zimakhala mozondoka, munthu wa pa chithunzi walola koma wojambula sitinamufunse, kusowa kwake nkomweko.

Chachiwiri anajambula ndi foni, mayiyo wayima ndi amuna ake ndi azilamu awiri. Iye angathe kulola za nkhope yake yokha, sangalolere anthu ena akuluakulu. Mwina bamboyo amagwira ntchito yoti safuna kumaoneka pa mapeji a malonda, mwina mmodzi mwa azilamuwo kuntchito ananena kuti akudwala tsiku limenelo, inu simungadziwe. Chophweka nkudula chithunzi chitsale cha kasitomala wanu yekha, diresi ndi lomwe mukugulitsa. Chachitatu ali ndi kamwana kake ka zaka zisanu kovala nsalu yofanana, zokongola zedi ndipo zithunzi za mayi ndi mwana zimakokadi malayiki, koma mwana ku Malawi ndi aliyense wosakwana zaka 18 ndipo womulolera ndi kholo, muzifunsa mwapadera za mwanayo osangoti poti mayi alola zawo ndiye zonse zatheka. Ine pa ana ndimaumirira kuti ngakhale kholo lilole, dzina la mwana lisalembedwe, yunifomu kapena baji ya sukulu isaoneke, ndipo ngati nkotheka nkhope ikhale yotembenukira kumbali. Peji yanu imaonedwa ndi anthu amene simukuwadziwa. Chachinayi wayima pa geti la nyumba yake, nambala ya puloti ikuoneka pa khoma, galimoto kumbuyo nambala yake ikuwerengeka bwinobwino. Chimenecho chisiyeni, kapena dulani mpaka zonsezo zichoke.

Ndiye pali kameseji kaja, ndipo apa ndi pomwe pamachitika zoopsa zambiri chifukwa anthu amakonda sikirinishoti, imaoneka yeniyeni. Pamwamba pa sikirinishoti ya WhatsApp pamakhala dzina ndi chithunzi cha munthu, ndipo ngati nambala yake simunaisunge pamaoneka nambala yonse. M'mwamba pang'ono mwa mawu oyamikirawo mumakhala zokambirana zakale, miyezo ya m'chiuno ndi pachifuwa, kunenerera mtengo, "ndimalizitsa pakutha pa mwezi", zinthu zoti mwini wake akaziona pa sitetasi yanu angachite manyazi. Ena amafika poponya meseji ya Airtel Money kapena Mpamba kusonyeza kuti anthu akulipiradi, pamenepo pali dzina, nambala ndi ndalama, zonse zimene akuba a pa foni aja amafuna kuti aimbire munthu nkumuuza kuti ndalama zake zalowa molakwika. Pofufuta musagwiritse ntchito kapeni koonekera mkati kaja kokhala ngati hayilayita, munthu akangokweza kuwala kwa chithunzi zolembedwa pansi zimatulukira. Dulani mbaliyo ichokeretu, kapena phimbani ndi mtundu wolimba wosaonekera. Ndipo chithunzi chikabwera ngati `Document` kuti chisachepe kukongola, dziwani kuti chimatha kubwera ndi zobisika zake zamkati, tsiku ndi malo pomwe chinajambulidwa ngati foniyo inali yotsegula malo, ndiye osachipatsira anthu ena momwe chililimo.

Chilolezo chake chimaoneka bwanji? Sichifuna loya kapena fomu ya masamba atatu. Ndi meseji imodzi yonena zinthu momveka, chithunzi chiti, chikaikidwa pati, dzina lilembedwe kapena ayi, ndi zoti akhoza kusintha maganizo. Mwachitsanzo: "Zikomo kwambiri amayi, mwaoneka bwino zedi. Ndimapempha ngati mungandilole kuika chithunzi chachiwirichi, nditadula chitsale cha inu nokha, pa sitetasi yanga ndi pa peji ya Facebook ya shopu, pamodzi ndi mawu anu aja. Dzina lanu ndilembe kapena ndisalembe? Mukadzafuna kuti ndichotse mudzangondiuza, ndipo mukakana palibe vuto ngakhale pang'ono." Mawu omalizawo ndi ofunika chifukwa anthu athu ndi aulemu, amavomera zinthu zomwe sakufuna poopa kukhumudwitsa, makamaka ngati ali ndi ngongole yanu kapena pali nsalu yawo ina yomwe ikadali kwa inu. Akayankha ndi kachala kokweza kokha kapena akangowerenga osayankha, ine sinditenga ngati walola, funsaninso kamodzi, akakhalabe chete zisiyeni. Akalola, ikani nyenyezi pa mesejiyo komanso sungani sikirinishoti yake kwina, mafoni amabedwa ndipo pakatha chaka palibe amene adzakumbukire kuti anagwirizana chiyani.

Chifukwa chotchulira malo nchoti malowa safanana. Sitetasi imatha pa maola 24 ndipo amaiona ndi anthu amene muli ndi manambala awo basi. Positi ya pa peji imakhala mpaka kalekale, aliyense akhoza kuisheya. Mukadina `Boost post` nkulipira, nkhope ya munthu ija ikuperekedwa dala kwa anthu masauzande osamudziwa, ikafika kwa apongozi ake, kwa abwana ake, kwa chibwenzi chakale. Chikwangwani cha pakhomo pa shopu kapena mapepala osindikiza ndiye nkhani ina, zimenezo simungazibweze ndi chala. Munthu amene analola sitetasi sanalole chikwangwani. Mukafuna kukwera sitepe ina bwererani mukafunsenso, ndipo pa chikwangwani kunena zoona munthuyo wasanduka modelo wanu, mpatseni kenakake, kaya kumusokera ulere kamodzi, mugwirizane ndi nthawi yomwe chidzakhalepo.

Ena amati koma anaponya yekha pa Facebook, ananditaga, ndiye ndi za pagulu. Malamulo a Facebook ndi Instagram amanena kuti zomwe munthu waponya zimakhalabe zake, chilolezo amapereka kwa kampani ya Meta kuti izionetsa, osati kwa shopu iliyonse yomwe yaziona. Kudina `Share` pa positi yoti mwini wake anaiika poyera kulibe vuto kwenikweni, dzina lake limayenda nayo limodzi, ndipo akadzaifufuta kwanunso imazimiririka. Kuidawunilodi nkuiponya ngati yanu ndi chinthu china, mwamulanda mphamvu yoichotsa. Kutagidwa ndi chizindikiro chabwino choti mwina alola, koma funsanibe, ndi meseji imodzi yokha. Kumbali ya boma, ufulu wa chinsinsi cha munthu uli m'gawo 21 la malamulo aakulu a dziko, ndipo kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act yomwe woyang'anira wake ndi MACRA. Nkhope, dzina ndi nambala ya foni ndi zinthu zozindikiritsa munthu zomwe lamulo lotere limateteza, ndipo amene walola ali ndi ufulu wobweza chilolezo chake. Amene mukusokera abale a ku Joni kapena ku Mangalande dziwani kuti kumeneko malamulo ngati awa adakhazikika kale, lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA ku South Africa ikugwira ntchito mokwanira kuyambira 2021, ndipo makasitomala akumeneko amazidziwa, sachedwa kufunsa kuti ndani wakupatsani chilolezo.

Zobwezazi zimachitikadi. Chinkhoswe chija ukwati wake ukhoza osachitika, pakatha miyezi isanu ndi itatu mayi uja nkulemba kuti chotsani chithunzi changa. Osayamba zoti koma munalola, kapena positi imeneyi ili ndi malayiki ambiri, chotsani tsiku lomwelo, pa peji, pa katalogi ya WhatsApp Business, pa Instagram, ngati pali malonda olipira omwe akuyenda aimitseni, kenako muuzeni kuti mwachotsa ndipo munene chilungamo kuti amene anasunga kale m'mafoni mwawo simungawafikire. Apa ndi pomwe kabuku kamathandiza, kolemba kuti chithunzi cha uje ndinachiika apa ndi apa, popanda iko chimodzi chimaiwalika ndipo ndi chomwecho chimene adzachipeze.

Tibwere ku ndemanga zolemba pagulu, za nyenyezi pa Google Maps ndi za pa peji ya Facebook, komwe kuyambira 2018 anasiya nyenyezi nkuika zongofunsa ngati munthu angalimbikitse anzake kugula kwa inu, inde kapena ayi. Ngati shopu yanu ili pa Google Business Profile muli linki yachidule yomwe mungatumizire kasitomala kuti akalembe mwachindunji osavutika kukusakani, ena amaisindikiza ngati kodi ya QR pa lisiti. Kupempha nkololedwa. Chimene Google imaletsa ndi kugula, kupereka ndalama, kutsitsa mtengo kapena mphatso posinthana ndi ndemanga, ndipo imaletsanso kusefa, kuja koyamba mwafunsa munthu ngati wakhutira, wokondwa nkumupatsa linki, wodandaula osamupatsa. Zoti "tilembereni nyenyezi zisanu tikuchotsereni K5,000" anthu amaziona ngati nzeru zamalonda koma Google ikazindikira imafufuta ndemangazo. Chimodzimodzi kuuza asuweni ndi ana a ntchito kuti alembe. Zimaoneka msanga, ndemanga khumi ndi ziwiri kubwera sabata imodzi pa shopu yomwe inakhala chaka chonse ilibe ngakhale imodzi, zonse zonena "best tailor in town" popanda kutchula chomwe anasoketsa, ma akaunti oti sanalembepo kwina kulikonse, ena dzina la bambo lofanana ndi la mwini shopu. Ogula nawonso ali ndi maso.

Nanga kuthokoza munthu wotumiza chithunzi nkulakwa? Ayi, bola musiyanitse. Kumupatsa mayunitsi kapena kumuchotserako pa oda yotsatira chifukwa wakupatsani chithunzi choti mugwiritse ntchito pa peji yanu zili bwino, mwagula chithunzi, simunagule maganizo ake. Koma ngati munamusokera ulere kuti akutamandeni kwa omutsatira ake, zinenedwe poyera pa positipo kuti diresili anapatsidwa, chifukwa wowerenga akuganiza kuti munthuyu anatulutsa ndalama zake. Kwathu kuno kutsatsa malonda monamiza ogula ndi nkhani yomwe bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo ake. Kunja ndiye afika poika malamulo achindunji, ku America bungwe la boma loteteza ogula la FTC linayamba kugwiritsa ntchito lamulo loletsa ndemanga zabodza ndi zogula mu Okutobala 2024, ku Britain loletsa zomwezo linayamba mu Epulo 2025.

Kubisa zoipa nakonso nkunamiza. Mu 2022 kampani ya zovala ya Fashion Nova ku America inavomera kulipira madola 4.2 miliyoni FTC itaiimba mlandu woti pa webusayiti yake inkangotulutsa ndemanga za nyenyezi zinayi ndi zisanu, zotsika nkumazisunga osazionetsa. Pa sitetasi yanu palibe amene akukukakamizani kuponya madandaulo, aliyense akudziwa kuti mumasankha zabwino. Koma pamalo pomwe anthu akuganiza kuti akuona maganizo a onse, kufufuta odandaula nkusiya oyamikira ndi bodza. Ndipo ngakhale posankhapo musasinthe tanthauzo, munthu analemba kuti "diresi ndi labwino koma munandichedwetsa masabata awiri" inu nkudula pa "koma", mwiniwake akaona adzabwera m'makomenti kudzamalizitsa chiganizo chake, pagulu. Kukonza sipelo palibe vuto, kuwonjezera mawu omwe sananene ayi. Chithunzinso chimodzimodzi, kuwalitsa pang'ono zili bwino, koma kumuchepetsa chiuno kapena kumuyeretsa khungu ndi fyuluta ndi chipongwe kwa iye, komanso wogula wina adzayembekezera kuti diresi lidzamukhala momwemo.

Ikabwera yoipa yeniyeni, yoti zipi inaphulika pakati pa mwambo, yankhani pomwepo mwachidule, pepesani pa chomwe chinalakwikadi, nenani chomwe muchite ndipo muitanireni ku inibokisi. Chiyeso chachikulu chimakhala chofuna kudziteteza ndi zomwe mukudziwa za iye, kuti anatenga asanamalize kulipira, kuti ananenepa pakati pa kuyeza ndi kutenga, mpaka kuponya masikirinishoti a macheza anu kuti anthu aweruze. Zikhoza kukhala zoona zonsezo, koma miyezo ya thupi lake ndi ngongole yake anakuuzani ngati telala wake, ndipo azimayi ena makumi asanu amene akuwerenga akuphunzira zomwe mudzawachite tsiku lomwe adzadandaule. Ngati ndemangayo ndi ya munthu yemwe sanagulepo kwa inu nkomwe, kapena ndi yotukwana, pa Google ndi pa Facebook pali podina kuti muinenere, iwo amaiona nkugamula, zimatenga masiku ndipo nthawi zina amakana. Pamene mukudikira lembani pansi pake chiganizo chimodzi chofatsa, kuti m'mabuku mwanu simukupezamo oda ya dzina limeneli ndipo ngati alidi kasitomala akulembereni ndi tsiku lomwe anasoketsa kuti mukonze.